Mmene mungadziwire ngati kampani yosungitsako ndalama ili ndi laisensi yake

Anthu akangogulitsa soya, mtedza ndi fodya, m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, ndi pamene mu Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi mumatseguka timaofesi tolonjeza kuti ndalama zanu zibereka. Ambiri amene amakaikako ndalama sapita mwachimbulimbuli ayi. Amafunsa ndithu kuti, "Kodi mapepala muli nawo?" ndipo amawalozera pakhoma pamene papachikidwa masatifiketi a m'mafelemu, okhala ndi zidindo ndi chizindikiro cha boma. Munthu amakhutira, n'kutulutsa ndalama. Vuto lake n'lakuti mapepala amenewo nthawi zambiri amakhala enieni, koma si amene amaloleza kampani kulandira ndalama za anthu.

Malangizowa atsatira chitsanzo chimodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Tiyerekeze kuti pafupi ndi msika wa Kapata patsegulidwa ofesi, ndipo akuti mukasiya K5,000 lero, pakatha mwezi mudzatenga K6,500. Mukufuna kudziwa ngati boma linawalola kuchita zimenezi musanasiye ngakhale ngwee imodzi.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni yolowa pa intaneti, yokhala ndi bandulo yokwana kutsegula masamba angapo, komanso yojambula bwino.
- Kabuku ndi cholembera.
- Kapepala kalikonse kamene kampaniyo imagawa: kotsatsira malonda, fomu yolembetsera, lisiti la mnzanu amene anaika kale ndalama.
- Munthu wowerenga bwino Chingerezi, ngati inu chimakuvutani, chifukwa mapepala onsewa amalembedwa m'Chingerezi.
- Tsiku limodzi kapena awiri. Tsiku loyamba pitani opanda ndalama m'thumba.

## Masitepe ake

### 1. Lembani chimene kampaniyo ikufuna kuchita ndi ndalama zanu

Laisensi imaperekedwa molingana ndi ntchito, choncho yambani ndi ntchitoyo. Dzifunseni kuti ndalama zikuchokera kwa ndani, zikupita kwa ndani. Ngati zikuchoka m'manja mwanu kupita kwa iwo, ndipo akulonjeza kudzakubwezerani ndi phindu pamwamba, kumeneko ndi kulandira ndalama zosungitsa, kaya iwo akuzitchula dzina lanji. Ngati zikuchoka kwa iwo kubwera kwa inu, imeneyo ndi ngongole, ndipo chilolezo chake n'china.

Pa chitsanzo chathu lembani m'kabuku motere: "Akulandira K5,000 kwa munthu aliyense wofika, akulonjeza K6,500 pakatha mwezi."

Chenjezo: musalembe mawu awo, lembani zochitika. Ena amati ndalamazo ndi "zogulira gawo", ena amati ndi "chopereka cha umembala", ena amati mukugula nkhuku kapena makina amene iwo azikusamalirani. Ngati nkhukuzo simungakazione ndi kuziwerenga, ndiye kuti mwangosiya ndalama basi.

### 2. Pezani dzina lenileni la kampani, ndipo jambulani mapepala onse

Dzina lolembedwa ndi penti pakhomo silikhala nthawi zonse dzina lolembetsedwa ku boma. Pemphani mwaulemu, osaonetsa kukayika: "Zikomo a manejala, ndisanabweretse ndalama ndimafuna ndijambule mapepala anuwa kuti ndikaonetse akunyumba." Jambulani pepala lililonse palokha, moyandikira, kuti ziwerengeke zinthu zinayi: dzina la kampani chilembo ndi chilembo, ofesi imene inapereka pepalalo, nambala yake ndi masiku ake. Funsaninso dzina ndi nambala ya akaunti imene ndalama zimalowamo.

Chenjezo: akakana kuti mujambule, kapena akayamba kukuuzani kuti mwayi ukutha lero madzulo, lembani zimenezonso. Bungwe lokhala ndi laisensi silivutika kuionetsa. Ambiri amaipachika poonekera dala kuti muione.

### 3. Patulani mapepala amene si laisensi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndiye tikhalapo pang'ono. Pa khoma la kampani yathu ija mwapeza mapepala anayi.

Loyamba lalembedwa kuti `Certificate of Incorporation`, lochokera ku PACRA. Pepala limeneli limangonena kuti kampani ya dzina limenelo inalembetsedwa ndipo ilipo. PACRA imalembetsa makampani a mtundu uliwonse, ogulitsa simenti, osoka zovala, onyamula katundu, ndipo ntchito yake si kuyeza ngati eni ake angathe kusamala ndalama za anthu. Zili ngati chitupa cha NRC: chimatsimikiza kuti ndinu ndani, koma sichikupatsani chilolezo choyendetsa minibasi yodzaza ndi anthu kupita ku Lusaka.

Lachiwiri ndi la ZRA, lokhala ndi nambala ya TPIN. Limeneli ndi la msonkho. Ngakhale munthu wamba wotsegula akaunti ku banki amakhala ndi TPIN.

Lachitatu ndi la khonsolo ya mzinda wa Chipata, losonyeza kuti analipira ndalama yochitira malonda pamalopo chaka chimenecho. Khonsolo imayang'ana za malo, za ukhondo ndi za moto. Sifunsa kuti ndalama zimene mwasiya zikagona kuti.

Lachinayi ndilo limasokoneza ngakhale anthu ophunzira, chifukwa limakamba za ndalama ndipo lili ndi chidindo cha khoti. Ndi satifiketi ya wobwereketsa ndalama, yoperekedwa ndi khoti la majisitireti pansi pa lamulo la Money Lenders Act. Imeneyi ndi imene a kaloba amene akufuna kuchita zinthu mwalamulo amatenga. Imalola munthu kubwereketsa ndalama zake, pa dzina ndi pamalo pamene palembedwa, ndipo imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Siimulola kulandira ndalama za anthu kuti azisunge. Mukafuna kudziwa ngati ndi yeniyeni mukhoza kukafunsa kwa kalaliki wa khoti limene lalembedwapo, koma pa funso lathu ngakhale itakhala yeniyeni sikuthandiza.

Ndiye mapepala anayi onse akhoza kukhala abwinobwino, koma laisensi yofunikayo palibe.

### 4. Dziwani ofesi imene iyenera kupereka laisensiyo

Bwererani ku chiganizo chimene munalemba pa sitepe yoyamba, ndipo chilinganizeni ndi ofesi yake.

Kulandira ndalama zosungitsa kuchokera kwa anthu ndi nkhani ya Bank of Zambia. Lamulo la Banking and Financial Services Act la 2017 linaletsa munthu aliyense kuchita ntchito ya banki kapena ya zachuma popanda laisensi ya banki yaikuluyi, ndipo linaletsanso njira zija zozunguza ndalama, zimene olowa kale amalipidwa ndi ndalama za olowa kumene. Mabanki, mabungwe a maikulofainansi, maofesi osinthira ndalama zakunja ndi makampani otumizira ndalama pa foni onse amadzera kumeneko.

Kampani ikanena kuti ikukugulirani masheya kapena ikusonkhanitsa ndalama za anthu ambiri kuti ikaziike m'mabizinesi, laisensi yake imachokera ku Securities and Exchange Commission. Ya inshuwalansi ndi ya penshoni imachokera ku Pensions and Insurance Authority. Kampani yathu ikulandira ndalama n'kulonjeza kubweza ndi phindu, choncho tikupita ku Bank of Zambia.

Chenjezo: laisensi ya kunja siigwira ntchito kuno. Pokhala pafupi ndi malire a Mwami, mudzamva ena akunena kuti likulu lawo lili ku Lilongwe ndipo Reserve Bank of Malawi imawadziwa. Zikhale zoona kapena zabodza, ndalama akulandirira mu Zambia, ndiye pepala lofunika ndi la Bank of Zambia.

### 5. Fufuzani dzinalo pa mndandanda wa Bank of Zambia

Lembani nokha keyala iyi pa foni yanu:

```
www.boz.zm
```

Musadine ulalo umene a kampaniyo akutumizirani pa WhatsApp, chifukwa kupanga tsamba lofanana ndi la boma si ntchito yovuta. Pa tsamba la Bank of Zambia pali mindandanda ya mabungwe amene inawapatsa laisensi, yogawidwa m'magulu: mabanki paokha, mabungwe a zachuma amene si mabanki paokha, a njira zolipirira paokhanso. Ikakuvutani kuipeza, lembani mawu awa pofufuzira, kenako tsegulani chotsatira chokhacho chimene keyala yake ili ndi `boz.zm`:

```
Bank of Zambia list of non-bank financial institutions
```

Mndandanda ukatseguka musangoyendetsa maso. Mu Chrome dinani timadontho titatu ta pakona, sankhani `Find in page`, ndipo lembani liwu limodzi lokha la m'dzina la kampaniyo, limene si lofala. Musalembe mawu ngati `Finance` kapena `Limited`, chifukwa ali paliponse. Fufuzani m'magulu onse, onaninso deti limene mndandandawo unakonzedwa, n'kujambula zimene zili pa sikirini kuti mukhale ndi umboni wa tsikulo.

Chenjezo: dzina lifanane lonse. Achinyengo amakonda kutenga dzina la bungwe lodziwika n'kuwonjezerapo liwu limodzi, monga `Investments` kapena `Solutions`, kapena kusintha chilembo chimodzi. Ku boma amenewo ndi makampani awiri osiyana, ndipo laisensi ya ina siiphimba inzake.

Kampani yathu ya ku Kapata tayifufuza m'magulu onse, sikupezeka.

### 6. Ikapezeka, onani mtundu wa laisensi yake

Tiyerekeze kuti ikanapezeka. Ntchito ikanakhala isanathe, chifukwa mabungwe a maikulofainansi ali mitundu iwiri. Ena ali pansi pa mutu wakuti `Deposit Taking`, ndipo amenewa amaloledwa kulandira ndalama zosungitsa. Ena ali pansi pa `Non-Deposit Taking`, ndipo awa ntchito yawo ndi kubwereketsa basi. Bungwe la mtundu wachiwiriwu limakhala ndi laisensi yeniyeni ya Bank of Zambia pakhoma, chidindo ndi zonse, koma likayamba kuitana anthu kuti abweretse ndalama zidzabereke, ladumpha malire a laisensi yake. Kaliwu kakang'ono kakuti `Non` ndi kamene muyenera kukayang'anitsitsa.

N'chimodzimodzi ndi ofesi yosinthira ndalama. Laisensi yake ndi yogula ndi kugulitsa madola ndi ndalama zina zakunja pa kauntala, osati yosunga makwacha anu mwezi wathunthu.

### 7. Tsimikizani kuti amene mukulankhula naye ndi wa bungwelo

Dzina likhoza kukhala pa mndandanda, mtundu wa laisensi n'kukhala woyenera, koma munthu amene wakhala kuseri kwa tebulo osakhala wawo. Pezani nambala ya likulu la bungwelo pa tsamba lawo lenileni kapena ku nthambi yawo imene mukuidziwa kale, osati pa kapepala kamene mwapatsidwa. Imbani ndi kufunsa mafunso awiri: kodi ali ndi ofesi pamalo amenewo mu Chipata, ndipo kodi ali ndi ndondomeko yopereka K1,500 pa K5,000 iliyonse pamwezi?

Maejenti ali ndi njira yawoyawo. Mtsikana wa m'kabuthi ka Airtel Money kapena MTN, ngakhale sitolo imene ili ndi makina a Zanaco Xpress, sakhala ndi laisensi ya Bank of Zambia m'dzina lake, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Akugwira ntchito pansi pa laisensi ya kampani yaikuluyo. Chizindikiro chake n'chakuti mukaika ndalama, zimalowa mu akaunti yanu nthawi yomweyo ndipo uthenga umabwera pa foni yanu kuchokera ku kampaniyo. Ngati akukuuzani kuti mutumize K5,000 ku nambala ya foni ya munthu, ndipo dzina lotuluka pa sikirini musanatsimikize ndi la munthu wamba, imani pomwepo. Bungwe la laisensi limalandira ndalama mu akaunti ya dzina lake.

### 8. Ikasowa pa mndandanda, funsani eni laisensi

Mndandanda wa pa intaneti nthawi zina umachedwa kukonzedwa, ndiye n'chilungamo kufunsa musanagamule. Tengani nambala ya foni kapena keyala ya imelo pa tsamba lomwelo la Bank of Zambia. Likulu lawo lili pa Cairo Road ku Lusaka, ndipo ofesi ina ili ku Ndola, koma simukufunika kukwera basi. M'kalata yanu lembani dzina lonse la kampani, malo a ofesi, chiganizo chija cha pa sitepe yoyamba, n'kuphatikizapo zithunzi za mapepala. Funso likhale lachindunji: kodi kampani imeneyi ili ndi laisensi yolandira ndalama zosungitsa?

Mukabwerera ku ofesi ija musanalandire yankho, mudzamva limodzi mwa mayankho atatu. Loyamba ndi lakuti, "Mayi, tinapereka kale pempho ku Lusaka, laisensi ikutuluka mwezi uno." Pempho si laisensi, ndipo mpaka itatuluka sayenera kulandira ndalama za munthu. Lachiwiri ndi lakuti ndi gulu la banki ya m'mudzi, choncho laisensi siikufunika. N'zoona kuti chilimba ndi banki ya m'mudzi sizifuna laisensi ya Bank of Zambia, koma zimenezo ndi za anthu odziwana amene amasonkha okha, kubwerekana okha ndi kugawana okha, buku lili poyera. Kukakhala ofesi, manejala, antchito olipidwa ndi chikwangwani choitana aliyense wodutsa, limenelo si gulu la m'mudzi. Lachitatu ndi lakuti ndi kopaletivu. Kopaletivu yosunga ndi kubwereketsa ndalama imalembetsedwa ku ofesi ya boma yoona za makopaletivu, ndipo imasunga ndalama za mamembala ake, amene amakhala ndi msonkhano wa pachaka, amasankha komiti ndi kumva lipoti la ndalama. Pemphani satifiketi yake ndi malamulo ake, mupite nazo ku ofesi ya makopaletivu ya m'boma lanu kuti akakuuzeni ngati akuidziwa. Umembala wongolemba dzina pa fomu tsiku loika ndalama ndi chophimba chabe.

Bank of Zambia ikatsimikiza kuti laisensi palibe, musangokhala chete poti ndalama zanu zapulumuka. Mumzere uja muli aphunzitsi opuma ndi alimi amene anyamula za chaka chonse. Kanenereni ku polisi kapena ku ofesi ya Drug Enforcement Commission, imene imafufuzanso milandu ya ndalama zopezeka mwachinyengo, ndipo tengani zithunzi zanu zija.

## Werengeraninso phindu lolonjezedwalo

Ngakhale foni itathima moto, masamu okha akhoza kukuchenjezani. K1,500 pa K5,000 ndi 30 pa 100 alionse pamwezi. Mutasiya ndalamazo ndi phindu lake kwa miyezi 12, K5,000 ingafike pa K116,000 ndi kupitirira. Palibe banki, sitolo kapena munda umene umabereka chotero mwezi ndi mwezi osaphonya. Amene akulandira K6,500 m'miyezi yoyambirira akulandira ndalama za anzawo obwera pambuyo, ndipo n'chifukwa chake umboni wa mnansi wakuti "ine ndinalandira" sungalowe m'malo mwa laisensi.

## Ngati nkhani ndi ya migodi

Njira ndi yomweyi, yosiyana ndi ofesi. Ku Lundazi kuli miyala ya mtengo wapatali, ku Petauke ndi ku Vubwi anthu amakumba golide, ndipo nthawi ndi nthawi kumafika anthu a makina akuti malowo ndi awo. Pemphani nambala ya laisensi yawo, ndipo ifufuzeni pa mapu a boma a migodi, amene amapezeka mukalemba `Zambia Mining Cadastre Portal`. Mapuwo amaonetsa dzina la mwini laisensi ndi malire a malo ake.

Yang'anani zilembo za kumapeto kwa nambalayo. `LEL` ndi `SEL` ndi zofufuzira miyala chabe, siziloleza kutsegula mgodi n'kumagulitsa. `LML` ndi `SML` ndizo zokumbira, ndipo `AMR` ndi ya anthu a mu Zambia okumba pang'onopang'ono. Onaninso ngati pamene akukumbapo pali mkati mwa malire olembedwawo, chifukwa ena amayenda ndi laisensi yeniyeni ya malo ena. Kalata ya mfumu ndi yofunika pa nkhani ya malo, koma si laisensi ya mgodi. Wogula miyala nayenso amafunika chilolezo chakechake chochitira malonda a miyala.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukhulupirira fotokope. Pepala la m'felemu munthu akhoza kulikonza pa kompyuta masana amodzi. Limakuthandizani kupeza dzina ndi nambala zoti mufufuze, koma yankho limachokera kwa amene anapereka laisensiyo.

Kuimba nambala yopatsidwa ndi kampani yomweyo. Akakuuzani kuti, "Imbani apa, ndi a ku Bank of Zambia," amene ayankhe akhoza kukhala mnzawo ali m'chipinda chakuseri.

Kudalira anthu otchuka. Abusa, a khansala kapena wolengeza pa wailesi akhoza kuyamikira kampani ndi mtima woona, iwonso atangoona khoma lomwe lija la mapepala anayi. Ndikudziwa kuti n'kovuta kufunsa mafunso pamene akulu a mpingo aika kale ndalama zawo, koma kufufuza mwakachetechete pa foni yanu sikunyoza munthu.

Kufufuza kamodzi kokha. Laisensi imatha kulandidwa. Musanawonjezere ndalama zambiri, monga za zokolola za chaka china, bwererani pa mndandanda ndipo onani zilengezo zatsopano za Bank of Zambia.

Kuyesa kaye ndi zochepa. Ambiri amati aika K500 kuti aone. K500 imabweradi ndi phindu lake, chifukwa ndiyo nyambo, ndipo ulendo wachiwiri munthu amabwera ndi K20,000.

Kuganiza kuti laisensi ndi lonjezo lakuti ndalama sizingatayike. Mabungwe a laisensi nawonso amagwa. Bank of Zambia inalanda banki ya Intermarket mu 2016 ndi ya Investrust mu Epulo 2024, zonse zili ndi malaisensi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunali mabuku olembedwa bwino a ndalama za munthu aliyense, ndiponso ofesi ya boma yokhala ndi mphamvu yolowa, kutenga makiyi ndi kukonza njira yakuti osunga ndalama athandizidwe. Kampani yopanda laisensi ikatseka chitseko, chimene chimatsala ndi mlandu wa ku polisi ndi lisiti lanu, choncho ngati munaika kale ndalama musanafufuze, sungani lisitilo, mauthenga a pa foni ndi fomu imene munasaina, ndipo musawonjezere zina pamene mukudikira yankho la Bank of Zambia.